Kabokosi ka a Nthunzi

Pa shopu ina yochapa zovala, ndalama zogulira tinthu ting'onoting'ono zinkakhala m'thumba la thalauza la eni ake. Thalauzalo likatuluka pakhomo, ndalama nazo zatuluka. Sopo akatha m'mawa, makina ankangokhala duu mpaka eni akewo abwere. Petulo wa njinga yamoto yokaperekera zovala akatha, wanjinga ankakhala pakhonde n'kumasewera ndi foni. Ndiye mwezi ukatha, eni akewo ankakanda m'mutu n'kumafunsa aliyense kuti ndalama zikupita kuti, ngati kuti thalauzalo ankabwerekana ndi anthu ena.

A Nthunzi ankawatchula eni shopuwo kuti alamu, pakuti anakwatira akulu awo. Iwo a Nthunzi ntchito yawo inali yosita. Dzinalo analitolera m'kachipinda ka kumbuyo, momwe ukalowa unkayamba waona nthunzi, kenako n'kuona kuti muli munthu. Makwinya ankadana nawo koopsa. Kolala yopindika, pepala lofinyika, ngakhale nsalu ya patebulo ya kunyumba kwa eni, dzanja lawo linkangopita lokha kukawongola.

Koma miyendo inali itayamba kukana. Mitsempha inatupa kuseri kwa mawondo, ndipo dzuwa likapendeka mapazi sankalowanso m'nsapato. Adokotala sanazungulire: zoima tsiku lonse zithe, apo ayi kudzabuka zilonda zovuta kupola. A Nthunzi anachita mantha. Akasiya simbi adya chiyani? Kukakhala kunyumba kwa akulu awo, kumapempha ndi ya sopo yomwe, chinali chinthu chimene sankafuna n'kuchiganiza komwe.

Nthawi yomweyo n'kuti alamu akukonza zotsegula shopu ina kutsidya kwa tauni, komwe iwo ndi akazi awo azikakhala tsiku lonse. Ndiye kuti mpando wa pakauntala pa shopu yakaleyi unkafuna munthu. Unali mpando wamba, wotsamira, wong'ambika pang'ono pakona, koma a Nthunzi akamadutsa ndi mulu wa malaya ankauyang'ana ndi diso lakumbali.

Tsiku lina analimba mtima. "Alamu, mpando uwu mwaupezera kale mwini?"

Alamu anaseka. "Mukuufuna? Inu alamu, manja anu ndi a golide, palibe angatsutse. Koma ndalama ndi nyama ina. Ndikuganiza zolemba munthu wa mapepala ake."

Mawuwo anawapweteka a Nthunzi, ndipo anabwerera ku nthunzi yawo. Koma mawuwo anawamvanso mwana wamkazi wa alamu, amene anthu ankamutcha Masamu chifukwa ali mwana ankawerenga ndi masitepe omwe. Masamu ankagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina, ndipo masiku opuma ankabwera kudzathandiza bambo ake mabuku, kwinaku akung'ung'udza.

"Bambo, munthu wa mapepala akeyo adzapeza chiyani pano?" anatero Masamu. "Adzalondola thalauza lanu? Tiyeni tiyambe takonza za tindalama ting'onoting'onoti. Ndibweretsa kabokosi. Amayi aang'ono akasunge mwezi umodzi, ndipo mudzaona ndi maso anu."

"Kakadzakwana bwinobwino pakutha pa mwezi, mpando ndi wawo," anatero alamu. "Kakadzapanda kukwana, pasakhale wondikwiyira."

Kabokosiko kanabwera, kachitsulo, kobiriwira, kokhala ndi kiyi mmodzi. Masamu anaitana onse pakauntala: bambo ake, a Nthunzi, ndi wanjinga uja, bambo wa ana atatu amene ankatchedwa a Chipewa chifukwa chipewa cholimba cha panjinga sankachivula ngakhale pomwa tiyi. Masamu anawerenga ndalama zokwana 50,000 onse akuona, n'kuziika m'kabokosi, a Nthunzi n'kusayina kuti alandira.

Malamulo ake sanali ambiri. Kiyi ndi wa a Nthunzi okha. Wofuna ndalama alembetse kavocha, kapepala kokhala ndi nambala yake: tsiku, dzina, chimene akukagula, ndalama zimene watenga, asayine. Akabwerako abweretse lisiti ndi chenje, a Nthunzi alembe pa kavochako ndalama zenizeni zimene zagwira ntchito, amatikepo lisitilo, alembenso m'buku. Chinthu chimodzi chisapitirire 5,000; chokwera kuposa pamenepo chilipiridwe kuchokera ku akaunti ya shopu ya kubanki. Ndalama za makasitomala zisalowe m'kabokosi, ndipo ngongole ya munthu isatuluke m'kabokosi.

"Chinsinsi chake n'chimodzi," anatero Masamu. "Nthawi ina iliyonse, ndalama zotsala m'kati mukaphatikiza ndi zolembedwa pa mavocha, zizikwana 50,000. Mwezi ukatha ndibwera, tiwerenga limodzi, ndipo zimene zagwira ntchito ndi zimene tibwezeretsemo. Basi."

"Nanga ine mwini ndalama?" anafunsa alamu.

"Inu ndiye muzilemba mooneka bwino, bambo, chifukwa zolemba zanu zimavuta kuwerenga."

A Nthunzi anamangirira kiyi uja ku chingwe n'kumuvala m'khosi, m'kati mwa bulauzi. Masiku oyamba kulemba mavocha kunkawavuta, koma anazolowera. Sopo akatha ankagulidwa nthawi yomweyo. Mahang'ala, sitachi, mapepala apulasitiki okutira masuti, babu la m'kachipinda kosita, petulo wa a Chipewa, zonse zinkayenda popanda kudikira thalauza. Asanatseke shopu, a Nthunzi ankawerenga ndalama zawo, n'kuphatikiza ndi mavocha, n'kupuma.

Chapakati pa mwezi lamba wa makina owumitsa zovala anaduka. Alamu anatulukira akupukuta mafuta m'manja. "Alamu, tandipatsani 8,000 m'kabokosimo, ndikagule lamba."

A Nthunzi anapukusa mutu. "Zapitirira malire, alamu."

"Malire ake a ndani? Ndalamazo n'zanga."

"N'zanu ndithu. Koma kiyi munandipatsa ine."

A Chipewa, amene nzeru zachidule sizinkawathera, analowererapo. "Aa, nkhani yochepa iyi. Lembani mavocha awiri, 4,000 apa, 4,000 apo. Malire sanaphwanyidwe, lamba wagulidwa."

"Lambayo akagula mmodzi kapena awiri?" anafunsa a Nthunzi.

"Mmodzi."

"Ndiye kavochanso n'kamodzi. Kamodziko n'kamene sikakuloledwa."

Alamu anawayang'ana nthawi yaitali, akupumira m'mwamba. Kenako anatulutsa foni, n'kulipira wogulitsa lambayo kuchokera ku akaunti ya shopu, monga mwana wawo ananenera. Sanalankhulenso nawo a Nthunzi tsiku lonselo, ndipo a Nthunzi anasita malaya ali ndi nkhawa kuti mwina mpando uja audula okha miyendo.

Chinthu chimodzi chokha n'chimene chinkawasowetsa mtendere: maonekedwe a malisiti. A Chipewa ankabweretsa malisiti, inde, sankaiwala, koma ankawatulutsa m'thumba la jekete atawafinya ngati tishu, ena atanyowa ndi thukuta, ena atapindidwa kanayi. A Nthunzi ankawawongola ndi chala n'kuwamatika ndi sitepula, koma ankapotokabe. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akulimbana ndi makwinya, kuti akapereke kwa mwana wophunzira mulu wa mapepala okwinyika? Sizinkawalowa m'mutu.

Tsiku lowerengera litafika, Masamu anatumiza uthenga kuti abwera akaweruka. M'mawa a Nthunzi anamaliza masuti a kasitomala wina, simbi ikadali ya moto bwino. Anayang'ana kabokosi, anayang'ana simbi. Ndiye, mwaulemu wonse, anamatula malisiti okwinyika aja pa mavocha awo, aliyense n'kumulemba nambala ya kavocha kake kuseri ndi bolopeni kuti asasokonezeke. Anawayala patebulo lositira m'mizere iwiri, anafunditsa kansalu koyera pamwamba monga amachitira ndi nsalu yosachedwa kupsa, n'kuyendetsa simbi pang'onopang'ono, kupita ndi kubwerera.

Atavundukula kansalu kaja anapeza malisiti ali osalala bwino, opanda khwinya ndi limodzi lomwe. Analinso akuda bii, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Mayo ine," anatero a Nthunzi chapansipansi.

Anatola limodzi n'kuliyang'ana pawindo. Panalibe dzina la shopu, panalibe tsiku, panalibe mtengo. Awiri okha olembedwa pamanja ndi amene anapulumuka. Ena onse, ochokera m'timakina ta m'mashopu ndi pothirira petulo, khumi ndi awiri, anali ngati wawapaka makala. A Nthunzi anakhala pa dengu la zovala zakuda, chinthu chimene anali asanachitepo, ndipo misozi inalengeza.

Ndi mmene anawapezera a Chipewa. Anatola lisiti limodzi, analitembenuza, analiza kaluzu, kenako anakankhira chipewa chawo kumbuyo pang'ono, umene unali ulemu waukulu kwa iwo.

"Achemwali, musalire. Ndalama sizinabedwe, eti? Zinthu tinaguladi. Ine ndikudziwa munthu amene ali ndi buku la malisiti ndi chidindo chake. Tikopera mitengo pa mavochawa, iye alemba, adinda. Masamu asanafike zonse zikhala zili m'malo. Palibe amene waberedwa, palibe amene adziwe."

Tisawanamizire a Nthunzi kuti maganizowo sanawakope. Anawakopa ndithu. Mitengo inali yoona. Miyendo inali ikuwawa. Mpando unali pomwepo, kuseri kwa chitseko, ndipo zoti aphonye chifukwa cha simbi yawo yomwe zinkawawawa kuposa miyendoyo. Anagwira kiyi wa m'khosi uja.

"Ndiye mwezi wamawa," anatero, "inu mukadzabwera ndi lisiti la munthu wanuyo, ine ndidzadziwa bwanji kuti petulo munathiradi?"

A Chipewa anabwezera chipewa chawo m'malo mwake.

"Ndipatseni sitepula," anatero a Nthunzi.

Anamatika lisiti lakuda lililonse pa kavocha kake, potsata manambala aja anawalemba kuseri, n'kusanja zonse m'ndondomeko.

Masamu anafika dzuwa likadalipo, bambo ake ali kale pakauntala manja atapinda. A Nthunzi anaika kabokosi, buku ndi mavocha patsogolo pawo. Sanadikire kufunsidwa.

"Mwana wanga, ndalakwitsa. Malisiti ndawasita."

"Mwatani, amayi aang'ono?"

"Ndawasita. Anali okwinyika."

Masamu anatola kavocha koyamba, anayang'ana kapepala kakuda kaja, ndipo milomo inayamba kunjenjemera. Anayesetsa, mwana wa eni, anayesetsa ndithu, koma phwete linamupulumuka mpaka anagwira kauntala. Alamu sanaseke.

"Pepani, amayi aang'ono," anatero akupukuta m'maso. "Kulakwa kwina n'kwanga, sindinakuuzeni. Timakina timeneti sitilemba ndi inki. Pepala lake ndi lapadera, limada pamene patenthedwa. Kamakina kamatentha pang'ono pokha pofunika zilembo. Inuyo mwalemba pepala lonse."

"Ndiye ndalama zija zapsa?" anafunsa alamu.

"Tiyeni tiwerenge kaye."

Anawerenga ndalama zotsala m'kabokosi, Masamu kamodzi, a Nthunzi kamodzi: 9,300. Masamu anawonkhetsa mavocha, akuona kuti manambala ake akutsatana popanda losowa, akufananiza lililonse ndi mzere wake m'buku. Anakwana 40,600. Zonse pamodzi 49,900.

"Yaperewera 100," anatero Masamu.

A Nthunzi anayamba kumasula kachikwama kawo. "Mwina ndi chenje, ndinapereka molakwika. Ndiikapo yanga."

Masamu anawagwira dzanja. "Ayi. Ndalama yanu isalowe umu, ngakhale pofuna kukonza. Tilemba kuti yaperewera 100, tonse tisayina. Ikamaperewera mwezi ndi mwezi tidzafufuza. Mukamaikamo zanu mwakachetechete, kabokosi kazioneka kabwino ngakhale pamene pali vuto."

"Ndiye kuti sikanakwane," anatero alamu.

A Nthunzi anayang'ana pansi.

"100 si nkhani, bambo," anatero Masamu. "Nkhani ndi malisiti akudawa. Mavocha akunena zimene anthu athu anena kuti anagula. Lisiti ndi mawu a wogulitsa. Popanda mawu a wogulitsa sindingatseke mwezi, ndipo sindibwezeretsamo ndalama. Koma pa kavocha kalikonse pali tsiku ndi mtengo. Mashopu ambiri zimenezi amazisunga m'makina mwawo, angathe kusindikizanso kapena kulemba pamanja. Pofunika munthu woyenda."

"Woyenda ndine," anatero a Chipewa ali pakhomo. "Malisitiwo ndinawafinya ndine. Achemwali akwera kumbuyo."

Ndi mmene anthu a mumsewu uja anaonera zachilendo m'mawa mwake: a Nthunzi ali pa njinga yamoto, atavala chipewa chobwereka chowakulira, dzanja limodzi litakola jekete ya a Chipewa, lina litafumbata envelopu ya mavocha, akuwalamula kuti achepetse liwiro pa bampu iliyonse. Ku shopu yaikulu yogulitsa sopo, mtsikana wa pa tilu anaitana womuyang'anira, womuyang'anirayo anaona malisiti akuda aja n'kufunsa ngati kunali moto. A Nthunzi anafotokoza. Womuyang'anirayo anaseka, anafufuza tsiku ndi mtengo, n'kusindikiza ena. Pothirira petulo anawadikiritsa, koma pamapeto pake anawalembera pamanja n'kudinda. Kulikonse a Nthunzi ankayamba kufotokoza ndi manyazi, ndipo pofika shopu yomaliza nkhani ya simbi ankaikamba okha akuseka.

Malisiti awiri okha ndi amene analephereka. Shopu yogulitsa mababu makina ake anali atawonongeka, ndipo ku shopu ina anangowauza kuti alibe nthawi. Mapazi a a Nthunzi anatupa mpaka anavula nsapato n'kuzinyamula m'manja.

Masamu atabweranso anamatika malisiti atsopano pamwamba pa akuda aja, osataya akudawo. Pa awiri otsalawo analemba tikalata tachidule tonena chimene chinagulidwa, kuti, liti, pa mtengo wanji, ndi chifukwa chake lisiti silikuwerengeka. Wogula anasayina, a Nthunzi anasayina.

"Patsala inu, bambo. Mukavomereza musayine. Koma izi zisakhale chizolowezi."

Alamu anavala magalasi n'kuwerenga tikalatato pang'onopang'ono, ngati muli mawu ambiri. A Nthunzi anaima chapatali atatsamira khoma, akusinthanitsa miyendo.

"A Chipewa andiuza za munthu wa chidindo," anatero alamu osadzutsa mutu.

A Chipewa anayang'ana kudenga. "Ndinangoti ndinene ndekha zisanamveke kwina."

Alamu anasayina konse kuwiri. Masamu analemba kuti m'kabokosi mubwezeretsedwe 40,700 kuchokera kubanki, ndiye kuti za mavocha ndi 100 yoperewera ija, kuti mwezi watsopano uyambenso ndi 50,000. Anatseka buku.

Pamenepo alamu anadzuka n'kulowa m'kachipinda ka kumbuyo. Anamveka akuzula pulagi. Anatuluka atanyamula simbi ya a Nthunzi, akukulunga chingwe chake.

"Alamu," anatero, "simbi iyi ndakulandani. Munthu wootcha mapepala sindingamusiyire malaya a makasitomala."

A Nthunzi anayamba kuvula chingwe cha kiyi m'khosi, akuyesetsa kuti asalire pamaso pa mwana.

"Kiyiyo mukupita naye kuti? Ndati simbi." Alamu anakoka mpando wa pakauntala uja, anaupukuta ndi chikhatho, n'kuutembenuzira kwa iwo. "Tsiku lija la lamba ndinakwiya, sindikubisa. Koma ndikakakhala kutsidya kuja, ndikufuna pano pakhale munthu amene angandikanize ine ndemwe. Takhalani, miyendoyo yaima mokwanira."

A Nthunzi anakhala. Anakhala cham'mphepete kaye, ngati mlendo, kenako anatsamira. Kulemera konse kunachoka m'mawondo, ndipo misozi imene anaigwira ija inatsika yokha. Anali osangalala, ndipo sanabise.

"Wosita watsopano mudzamuphunzitsa ndinu," anatero alamu. "Muli pampando pomwepo. Makolala okha, malisiti ayi."

Masamu anatulutsa m'chikwama envelopu yapulasitiki yosungiramo malisiti, n'kuwauza a Nthunzi kuti malisitiwo azikhala kutali ndi dzuwa ndi kachipinda kotentha kaja, ndipo lililonse likangofika azilijambula pa foni, chifukwa mapepala amenewa amafufutikanso okha pakapita nthawi.

M'mawa mwake a Chipewa anabwera kuchokera kothira petulo. Anapisa m'jekete n'kutulutsa lisiti atalipanira bwinobwino pakati pa makatoni awiri, koma ngodya imodzi inali itapindikabe. A Nthunzi analiyala pakauntala, anayang'ana khwinyalo, chala chinawayabwa. Analijambula, analimatika pa kavocha kake lili choncho, n'kutambasula miyendo pansi pa kauntala.